Liwu Limene Teleza Analumpha

Teleza Nantchengwa anali mtsikana wolemba bwino kuposa onse m'Folomu 4 pa sekondale yoyendera imene ili kumalire kwa esiteti ya tiyi, kufupi ndi kwa Changata. Zilembo zake zinali zozungulira, zoima mofanana ngati mizere ya tiyi. Koma pa phunziro la kumvetsa nkhani malikisi ake sankadutsa theka.

Vuto lake Madamu Muhiwa ankalidziwa. Iwo ndiwo ankaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi m'kalasimo, ndipo makope a Teleza anali atawachonga kuyambira Folomu 3. Funso likakhala lakuti, "Kodi munthuyu anapita kuti?" Teleza ankapeza. Likakhala lakuti, "N'chiyani chikusonyeza kuti munthuyu anali ndi mantha?" kapena "Fotokozani maganizo a mlembi," mtsikanayo ankayendetsa chala m'nkhanimo mpaka apeze mzere wokhala ndi liwu lofanana ndi la m'funso, n'kuukopera wonse, mpumiro ndi mpatuliro womwe.

"Uwu ndi mzere wa mlembi," anatero Madamu tsiku lina atamuitanira kutebulo kwawo. "Ine ndafunsa iwe. Yankho lako lili kuti?"

"Kupulayimale ankati yankho limakhala m'nkhani momwemo, Madamu."

"Limakhalamodi, koma si nthawi zonse pamene limagona pamtunda. Ukaona abambo ako akubwera malaya atanyowa, umadikira kuti akuuze kuti kunja kwagwa mvula?"

"Ayi."

"Wadziwa bwanji?"

"Malayawo."

"Basi. Mvula ndiye yankho, malaya ndiwo umboni. Iwe ukungondibweretsera malaya, osanena za mvula. Usamaope kulemba zimene waona, m'mawu ako."

Teleza anavomera ndi mutu. Sabata yotsatira anakoperanso.

Sikunali kupusa. Kukopera kunali ngati kuyenda m'kanjira kopondedwa kale: ngakhale ulakwe, palibe angakunene kuti wapeka. Ndipo chaka chimenecho Teleza analibe mtima wonena zakezake. Mayi ake, a Anesi, anali atamwalira dzinja lapitalo. Anathyola tiyi pa esitetiyo kuyambira Teleza asanabadwe. M'zaka zomaliza miyendo inkawatupa, chifuwa sichinkatha, koma ankaberekabe dengu. Atagona pachipatala cha ku Boma sanadzukenso. M'nyumba ya pakomboni munatsala Teleza ndi bambo ake, a Fabiano, amene ankagwira ntchito m'fakitale, kumalo oyanikira masamba. A Fabiano anali munthu wa mawu ochepa kale, ndipo chichitikire maliro mawuwo anacheperachepera. Ankadya, n'kufunsa ngati kusukulu kunali bwino, osadikira yankho lalitali.

Mayeso a moko anafika kumapeto kwa teremu yachiwiri, mvula ikadagwa. Mapepala anakonzedwa ndi aphunzitsi a masukulu onse a m'deralo pamodzi, kotero ngakhale Madamu Muhiwa sanadziwe nkhani imene inasankhidwa mpaka tsiku lolemba. Teleza atatembenuza pepala la Chichewa anapeza kuti nkhani yake inali ya kwawo komweko. Ndime imodzi inali yotere:

"Mlendo akamadutsa pa galimoto m'misewu ya ku Thyolo amaona dziko lobiriwira ngati lochita kusita. Amaona amayi atabereka madengu, ndipo akatsitsa galasi amayiwo amamwetulira. Ati anthu amenewa ndi okondwa. Inde, ndi okondwa zedi, paja chithunzi sichinama, chimangosiya kunja miyendo imene yaima m'mame kuyambira mbandakucha. Mlendo amajambula, amakweza galasi, ulendo. Akafika kwawo chithunzicho amachipachika pakhoma, pamene sipafika mvula."

Teleza anawerenga mpaka pa mawu akuti "okondwa zedi" ndipo anapsa mtima. Mizere yotsatira maso anaidutsa koma sanaimve. Anayankha mafunso oyambirira mwa chizolowezi chake. Funso lachinayi linati, "N'chifukwa chiyani mlembi watchula zoti mlendo amakweza galasi?" Iye anakopera: "Mlendo amajambula, amakweza galasi, ulendo." Kenako anafika pa lachisanu: "Fotokozani maganizo a mlembi pa moyo wa amayi othyola tiyi. Perekani umboni wochokera m'nkhaniyi."

Anayamba kukopera mzere wa "okondwa zedi," koma dzanja linakana. Anaufufuta. Anakumbukira mawu a Madamu oti asamaope. Ndipo kwa nthawi yoyamba analemba m'mawu ake. Mizere itatu imene inaperekedwa inatha, iye anapitiriza m'mphepete mwa pepala mpaka kuseri. Analemba kuti mlembiyo ndi wabodza, sanaberekepo dengu, sadziwa kuti lamba wa dengu amasiya chipsera paphewa. Analemba kuti mayi ake ankamwetulira magalimoto a alendo chifukwa munthu wamkulu salira pamsewu. Analemba za miyendo yotupa, za mafuta amene ankawapaka madzulo, za bedi la kuchipatala. Nthawi itatha anali asanayambe n'komwe gawo lofupikitsa nkhani.

Anatuluka m'chipindamo mumtima muli kupepuka kumene anali asanakumve chichitikire maliro.

Pepalalo linafika m'manja mwa Madamu Muhiwa Loweruka lina m'mawa, aphunzitsi atasonkhana pasukulu kuchonga. Anawerenga yankho lachisanu kawiri, n'kuika cholembera pansi. Pafupi nawo panali a Crispin Makwinja, mphunzitsi wa mbiri yakale amene ankathandiza kuchonga Chichewa. Madamu anawapatsa pepalalo.

A Makwinja atawerenga anapukusa mutu. "Mwana wa malemu a Anesi uja?"

"Yemweyo."

"Mlozo wa mayankho ukuti chiyani?"

"Ukuti mlembi akumvera chisoni amayiwo ndipo akudzudzula mlendo wongoona zapamwamba. Yankho lina lililonse lofanana nalo tilandire, bola likhale ndi umboni wa m'nkhani."

"Ndiye mwanayu wagwira nkhani kumchira." A Makwinja anayang'ananso kuseri kwa pepalalo. "Komabe, Madamu, mpatseniko malikisi awiri. Zimene walembazi ndi zoona zokhazokha. Tonse tinali pamaliro paja."

"Zoona, inde. Koma funso silinafunse za a Anesi. Lafunsa za mlembi, ndipo iye akuti mlembi akuyamikira moyo umenewu, pamene mlembiyo akuulira. Ndikampatsa awiri lero, aziyesa kuti njira ndi imeneyi. Amene adzachonge mayeso enieni sadzadziwa kuti kunali a Anesi."

"Mumtaya mwanayu."

Madamu anatenga cholembera chofiira n'kulemba ziro pambali pa yankholo, yaing'ono kuposa mmene ankalembera masiku onse. Pansi pake anawonjezera kuti, "Udzandipeze tikambirane."

Mapepala anagawidwa sabata yotsekera. Teleza anaona ziroyo, anaona mawuwo, anapinda pepala lake n'kuliika m'thumba. Sanapite kukawapeza Madamu. Teremu yachitatu itatsegulidwa desiki yake inali yopanda munthu. Madamu atafunsa, mtsikana wina wa pakomboni pomwepo, Angella, anati Teleza walembedwa ntchito ya sizoni, ya nyengo yothyola tiyi yokha, patchuthi, akuthyola kumunda wa kumtunda kwa damu.

Madamu anadikira sabata imodzi, poganiza kuti mwina abwera yekha. Lamlungu masana, atachokera kutchalitchi, anakwera kabaza mpaka pachipata cha esiteti, n'kutsika wapansi kulowera kukomboni. Nyumba za kumeneko n'zofanana zonse, zomangidwa mumzere, ndipo anachita kufunsa kawiri. Anapeza a Fabiano atakhala pakhonde akusoka nsapato ya jombo ndi waya. Teleza anali kuseri akuchapa. Pachingwe panali atayanika kale chipepala cha pulasitiki chimene othyola amamanga m'chiuno kuti mame ndi nthambi zisawanyowetse kapena kuwakala.

A Fabiano anaimirira, n'kupereka mpando wawo. Atapatsana moni anaitana mwana wawo m'Chilomwe. Teleza anabwera akupukuta manja pachitenje, anagwada kupereka moni, n'kukhala pansi chapatali. Zala zake zinali zitayamba kale kuda ndi kung'aluka m'nsonga.

"Bambo a Teleza," anatero Madamu, "ndabwera chifukwa mwana wathuyu sakuoneka kusukulu, pamene mayeso ayandikira. Dzina lake linapita kale ku bungwe la mayeso."

"Ine ndinamufunsa," anayankha a Fabiano. "Akuti sukulu yamukana. Ndiye ndinati, ngati yakukana, tiyi sakana munthu." Anayang'ana jombo ija. "Sindinkafuna kutero ayi. Mayi ake ndiwo ankadziwa kulankhula naye."

"Teleza, yakukana bwanji?"

Mtsikanayo sanadzutse mutu. "Ndikakopera, mumandipatsa ziro. Munati ndizilemba zimene ndaona, m'mawu anga. Ndalemba, mwandipatsanso ziro. Ndiye palibe chimene ndingalembe, Madamu."

"Pepala lija ukadali nalo?"

"Lilipo."

"Katenge. La mafunso lomwe."

Teleza analowa m'nyumba mosafuna, n'kutuluka ndi mapepala opindidwa kanayi. Madamu anatsika pampando, anayala chitenje chawo pakhonde, n'kukhala pafupi naye. A Fabiano anasunthira kumapeto kwa khonde n'kupitiriza kusoka.

"Poyamba ndinene ichi," anatero Madamu. "Zimene unalemba za amayi ako palibe bodza. Ndinaziwerenga ndipo sindinaziiwale. Ziro ija sinali ya zimenezo. Koma ndikuvomera kuti ndinakuuza theka la nkhani. Ndinati ulembe zimene waona. Ndinayenera kumaliza: zimene waona m'nkhaniyo. Tsopano werenga ndimeyi mokweza, pang'onopang'ono."

Teleza anawerenga ndi mawu ouma. Atafika pa "Ati anthu amenewa ndi okondwa," Madamu anakweza dzanja.

"Bwereza chiganizo chimenecho."

"Anthu amenewa ndi okondwa."

"Walumpha liwu."

Teleza anayang'anitsitsa. "Ati anthu amenewa ndi okondwa."

"Angella akabwera pano n'kukuuza kuti, 'Ati mawa sikelo yoyezera tiyi ibwera msanga,' ndiye kuti akunena zimene waona yekha?"

"Ayi. Wangomva."

"Akuzikhulupirira?"

"Mwina ayi. Akamati 'ati' ndiye kuti zisamugwere iyeyo zikakhala zabodza."

"Nanga apa, akuti amayiwa ndi okondwa ndani?"

Teleza anabwerera m'mbuyo ndi chala, monga ankachitira pofuna mzere wokopera, koma ulendo uno chala chinaima pa liwu lina. "Mlendo uja."

"Osati mlembi?"

"Koma pamzere wotsatira akuvomereza yekha, Madamu. Akuti, 'Inde, ndi okondwa zedi.' Pamenepa palibe 'ati'." Mawu ake anakwera pang'ono. "Pamenepa ndi iyeyo."

"Wafunsa bwino. Ndi iyeyo. Maliza chiganizocho, usaime pakati."

"'Paja chithunzi sichinama, chimangosiya kunja miyendo imene yaima m'mame kuyambira mbandakucha.'"

Anasiya kuwerenga. Pakhondepo panangomveka waya wa a Fabiano ukulowa m'mphira. Kuseri kwa nyumba zoyandikana ana ankaseweretsa gudumu.

"Mzere umenewu sindinauone," anatero Teleza.

"Unauona, koma unali utakwiya kale. Tandiuza: munthu amene akukhulupiriradi kuti amayiwa ndi okondwa, miyendo angaitchulirenji? Mame angawatchulirenji?"

"Sangatchule. Angathere pomwetulira pomwepo."

"Ndiye 'okondwa zedi' uja akumunena ndi mawu otani?"

Teleza anaganiza. "Ngati mmene kapitawo amanenera munthu akabwera mochedwa, kuti, 'Mwalawiratu lero.'"

"Kumeneko ndiko kunena mokuluwika, mawu kuloza kuno tanthauzo lili uko. Ukakopera 'ndi okondwa zedi' wekhawekha, wanamizira mlembi pogwiritsa ntchito mawu ake omwe. N'chifukwa chake ndimakana kukopera. Ndipo ukatseka pepala n'kulemba za mumtima mwako zokha, wamusiyanso mlembiyo ali chiimire, osamumva. Ulendo woyamba unkabweretsa mawu ake opanda nzeru zako. Ulendo uno unabweretsa nzeru zako popanda mawu ake. Zimafunika ziwirizi zikumane."

Teleza anawerenganso ndime yonseyo chamumtima. Atafika kumapeto milomo yake inayenda. "'Pakhoma, pamene sipafika mvula.'" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye kuti ndinamutukwana munthu amene ankawanenera amayi."

"Sanamve. Mapepala a moko sapita kwa alembi."

Teleza anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya, kenako analira ndithu. Madamu sanamuletse. A Fabiano anaika jombo pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ya madzi imene anaiika pambali pa mwana wawo. Anabwerera pamalo pawo.

Atatonthola, Madamu anatulutsa cholembera m'kachikwama. "Tiyeni ku funso lachinayi. Galasi lija. N'chifukwa chiyani mlembi wavutika kutiuza kuti mlendo amalikweza? Akanatha kungoti amapita."

"Mwina kunja kumazizira."

"Mwina. Nkhaniyi yanenapo za kuzizira kwa mlendo?"

"Ayi."

"Ndiye kumeneko n'kulota. Yang'ana zimene zilipo. Analitsitsa liti?"

"Pofuna kuona amayiwo. Pofuna kujambula."

"Analikweza liti?"

"Atangojambula." Teleza anayang'ananso mzerewo. "Ndiye kuti chimene ankafuna ndi chithunzi basi. Sanatsike, sanafunse kanthu. Galasi likumutsekera kuti asamve zambiri."

"Lemba zimenezo. Chiganizo chimodzi, kapena ziwiri."

Teleza anatembenuza pepala la mafunso n'kulemba kuseri, atalitsamiritsa pabondo. Pa funso lachisanu anachedwa. Analemba kuti, "Mlembi ndi wabwino," ndipo Madamu anati limenelo si dzina la maganizo. Adzifunse kuti mlembiyo akumva chiyani: akuyamikira, akunyoza, akudandaula, akuseka, kapena alibe mbali. Anafufuta. Pomaliza analemba kuti: "Mlembi akuwamvera chisoni amayiwa ndipo sakuvomereza zoti ndi okondwa. Liwu lakuti 'ati' likusonyeza kuti maganizo amenewo ndi a mlendo, ndipo potchula miyendo yoima m'mame akutikumbutsa za kuvutika kumene chithunzi chimabisa."

Madamu anawerenga. "Apa ndikanapereka malikisi onse. Waona kuti zakwana m'mizere itatu?"

"Za amayi sizinalowemo."

"Sizinalembedwe. Koma mwana amene sanaonepo miyendo yotupa akanavutika kudziwa chifukwa chake mlembi waitchula. Zimene ukudziwa zikuthandize kumva, zisakuyankhire."

Apa a Fabiano anatsokomola. "Madamu, pepani. Ine sukulu ndinalekeza panjira, maso nawonso atha. Kodi mwanayu angandiwerengereko nkhani imeneyi yonse? Ndangomva zidutswa."

Teleza anayang'ana Madamu, iwo n'kugwedeza mutu. Anawerenga kuyambira pachiyambi, ndipo ulendo uno pa "ati" ndi pa "okondwa zedi" mawu ake anapendekeka okha, monga amapendekera mawu a munthu wonena zimene sakuzikhulupirira. A Fabiano anamvetsera manja ali pamaondo.

"Ameneyu anathyolapo tiyi," anatero nkhani itatha. "Kapena amake anali wothyola."

"Zimenezo nkhaniyi sinanene, ababa," anayankha Teleza mofatsa. "Mwina ndi choncho, mwina ayi. Chimene tingadziwe n'chakuti anayang'ana pansi, kumiyendo."

"Ndi ochepa amayang'ana kumeneko," anatero a Fabiano. Anakhala ngati athera pomwepo, koma anapitiriza. "Amako miyendo inayamba kuwavuta iwe uli Sitandade 6. Ndinkawauza kuti apume. Ankati apuma ukamaliza Folomu 4." Anatola jombo ija n'kuitembenuza m'manja. "Dengu limene watengalo ndi lawo. Sindikondwa kuliona likutulukanso m'nyumba muno."

Teleza anawayang'ana. Aka kanali koyamba kuti bambo ake alankhule naye za mayi ake chichokereni kumanda.

Madamu anatsanzika dzuwa litapendeka. Sanafunse ngati Teleza abwerera kusukulu. Mtsikanayo anawaperekeza mpaka pachipata, akudutsa m'kanjira ka pakati pa minda. Lamlungu m'mindamo munalibe munthu, tiyi yekhayekha kukwera phiri ndi kutsika.

"Nanga ikadzabwera nkhani ya zinthu zimene sindikuzidziwa?" anafunsa Teleza ali pafupi ndi chipata. "Iyi ndaimva chifukwa ndi yakwathu."

"Iyi ndi imene inakugwetsa chifukwa ndi yakwanu. Yachilendo udzaiwerenga mofatsa. Njira ndi yomweyi. Uwerenge kawiri. Uone mawu amene mlembi wasankha pamene akanatha kusankha ena. Uone zimene watchula mosafunikira kwenikweni, ndi pamene watembenuka ndi 'koma'. Ukatero unene maganizo ake ndi liwu lako, n'kuloza pamene wawapeza."

"M'Chingerezi mulibe 'ati'."

"Ali nawo awo. Ukabwera ndidzakuonetsa."

Teleza sanabwere Lolemba. Anakamaliza kaye sabata imene anali atayamba, poti kapitawo anali atamulandira pomvera chisoni bambo ake ndipo kungosowa kukanakhala kuwachititsa manyazi. Lolemba linalo anafika atavala yunifolomu imene inali itayamba kumuthina m'mapewa, n'kukhala pa desiki yake. Anzake anamuyang'ana zala.

Sizinayende mosalala. Chizolowezi cha zaka zambiri sichichoka ndi ulendo umodzi wa pakhonde. Pa Chingerezi makamaka, akakumana ndi mawu awiri atatu osawadziwa, mantha ankabwerera ndipo chala chinkayamba kusaka mzere. Madamu ankamubwezera kope atalemba pambali liwu limodzi, "Wako?" Nthawi zina ankalumphira mbali inayo: nkhani ina yonena za mwana wothawa kwawo, Teleza analemba kuti mwanayo ankamenyedwa, pamene nkhaniyo sinapereke chizindikiro chilichonse cha zimenezo. Pamenepo Madamu analemba, "Umboni?" Mawu awiriwa anayenda naye teremu yonse. Ankatsala ndi anzake angapo akaweruka, Madamu n'kuwapatsa tindime todula m'nyuzipepala zakale, ina yoyamikira, ina yonyoza mobisa, ina yongofotokoza popanda mbali. Yotsirizayi ndi imene inkavuta ambiri, chifukwa ataphunzira kufukula ankafuna kufukula paliponse, ngakhale pamene sipanakwiriridwe kanthu.

Mayeso enieni analembedwa nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba mapiri, tiyi atasiya kuphuka ndipo a sizoni atabwerera kumidzi kwawo. Nkhani ya pa pepala la Chichewa inali yonena za anthu ootcha makala. Teleza anaiwerenga kawiri asanagwire cholembera. Mlembi wake ankayamba ngati wokwiya ndi odula mitengo, koma chapakati panali "komabe," ndipo kuchokera pamenepo ankatchula ana awo ndi mitengo ya chimanga pamsika. Teleza analemba kuti mlembiyo akudandaula ndi kutha kwa nkhalango koma sakuweruza anthuwo, n'kuloza malo awiri. Anamaliza ndi gawo lofupikitsa lomwe, nthawi ikadalipo.

Zotsatira zitatuluka anapeza kuti wakhoza. Chichewa anapeza 3. Chingerezi anadutsa ndi 7, mwapafupi, ndipo masamu analephera. Mapointi ake sanali olowera kuyunivesite, koma satifiketi inalipo. A Makwinja atakumana ndi Madamu Muhiwa pakhonde la ofesi anati, "Mwana wanu uja wapulumuka." Madamu anayankha kuti akanakonda Chingerezicho chikanakwerako pang'ono, n'kulowa m'kalasi.

Teleza anakhala pakhomo miyezi ingapo. Mvula itayamba, sukulu ya mkaka ya pakomboni inafuna munthu wothandiza kusamala ana a amayi opita kumunda, ndipo anamutenga. Anayamba kusunga pang'onopang'ono kuti chaka chotsatira adzalembenso masamu ndi Chingerezi, n'cholinga chodzayesa mwayi ku koleji ya uphunzitsi. M'mawa uliwonse amayi ankamusiyira ana pachitseko, ena akulira, ena ali m'tulo, n'kuthamangira kumtunda kapitawo asanayambe kuitana mayina.